Masekondi 4 a zii padoko: kulemba nyimbo, phokoso ndi chete m'sikilipiti ya sewero la pa wailesi

Mkonzi wa mawu sakhalapo pamene sewero likubadwa m'mutu mwa mlembi, ndipo kawirikawiri sakhalaponso tsiku lojambula. Zimene zimamupeza pa kompyuta ndi mafayilo a mawu a osewera ndi mapepala a sikilipiti, basi. Pamawailesi a m'madera ngati athu kuno ku Mangochi, munthu yemweyo amakhalanso ndi nkhani za madzulo zoti akonze, uthenga wamalonda woti alumikize, mwina magetsi athima kuyambira m'mawa. Alibe nthawi yokuimbirani foni kufunsa kuti pa tsamba lachitatu mumafuna omvera amve chiyani mumtima. Chimene mwalemba ndicho adzachite, ndipo pamene simunalembe adzadzazapo ndi nzeru zake. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine zinandionekera pa sewero la magawo angapo lonena za banja la msodzi. M'gawo lina mwamuna wapita ku usipa usiku, Mwera wauka pakati pa usiku, ndipo m'bandakucha mkazi wake ali padoko kudikira. Maboti ena akufika, la mwamuna wake osaoneka. Mlamu wake akutsika m'boti lina, mayiyo akumufunsa, mlamuyo alibe yankho. Pamenepo ndinalemba mawu atatu okha: `MUSIC: ya chisoni`. Mkonzi anachita zimene ndinamuuza. Anatsegula nyimbo zimene anali nazo, napeza yachisoni kuposa zonse, kwaya yoimba nyimbo ya pamaliro, naiika. Omvera atangoimva anadziwa kuti msodzi uja wamwalira. Koma m'nkhani yanga sanamwalire. Mphepo inamukankhira kutali, ndipo anayenera kutulukira patapita magawo awiri. Kuonjezera apo, banja la m'sewerolo linali lachisilamu, nyimbo inali ya kutchalitchi. Mawu atatu aja anaononga zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo cholakwa chinali changa, osati cha mkonzi.

Vuto la mawu oti "ya chisoni" ndi loti chisoni chili mitundumitundu. Pali cha pamaliro, chimene nkhani yake yatha. Pali cha munthu wodikira, amene sakudziwa ngati alire kapena apitirize kuyang'ana kunyanja. Pali cha munthu wodziimba mlandu, ngati mlamu uja amene anabwerera yekha kusiya mbale wake m'mafunde. Nyimbo ya chisoni choyamba imatsika n'kukhazikika, imatseka nkhani. Ya chachiwiri siyenera kukhazikika, iyenera kusiya khutu likudikirabe. Ndiye langizo la nyimbo limafunika kunena kuti mtima umene tikuumva ndi wa ndani, komanso chimene omvera sayenera kuganiza. Mbali yachiwiriyi ambiri timaiiwala, chonsecho ndi imene ikanapulumutsa gawo langa lija. Ndikanangolemba kuti "osati ya maliro, mwamunayu ali moyo", mkonzi sakanaigwira n'komwe kwaya ija.

Tisanabwerere padoko, tione kaye kaonekedwe ka malangizo papepala. Mwambo wake ndi woti alembedwe ndi zilembo zazikulu, pa mzere wawowawo, kuti osewera asawawerenge ngati mawu awo ndiponso mkonzi awaone msanga poyendetsa maso. Pali timawu tochepa timene alembi ndi akonzi ambiri amagwirizana. `ATMOS` ndi kamvekedwe ka malo, phokoso losatha limene limauza khutu kuti tili padoko kapena mumsika. `SFX` ndi phokoso la chinthu chimodzi chochitika, monga chitseko kapena injini. `MUSIC` ndi nyimbo. `FADE IN` ndi kulowa pang'onopang'ono, `FADE OUT` kuzimirira, `UNDER` kutsika n'kukhala pansi pa mawu a wolankhula osachoka, ndipo `CUT` ndi kudula mwadzidzidzi. Timawuti tisiyeni momwe tilili chifukwa mkonzi anatizolowera, koma kufotokoza kwake lembani m'Chichewa chomveka. Mzere uliwonse, wa wosewera ngakhale wa langizo, ukhale ndi nambala. Mukatero mungathe kumutumizira uthenga woti "pa 14 nyimbo yafulumira kulowa" m'malo mofotokoza kuti paja mayi uja amafunsa mlamu wake kachiwiri.

Gawo lija nditalilembanso linayamba motere:

```
1. ATMOS: DOKO M'BANDAKUCHA. MAFUNDE OTSALA A MWERA, AAFUPI, OMENYA MCHENGA. ANTHU PALIBE. MASEKONDI 5 OKHA, KENAKO UNDER MPAKA 12.
2. SFX: INJINI YA BOTI KUTALI, IKUYANDIKIRA MASEKONDI 8, IZIMA ISANAFIKE. MAYI AKUGANIZA KUTI NDI YA MWAMUNA WAKE.
3. MAYI: (PAFUPI) Ndi iwowa... ndi iwowa.
4. MLAMU: (PATALI, AKUYANDIKIRA) Alamu, mwagona pano?
```

Langizo loyambalo likuyankha mafunso amene mkonzi akanadzifunsa. Mafunde ake otani? Pa kompyuta zambiri pamakhala mafayilo a phokoso otengedwa pa intaneti, ndipo mafunde ambiri a mmenemo ndi a nyanja ya mchere, aatali, olemera, obwera mwaulesi. Munthu wa ku Malembo kapena ku Makanjira akawamva amadziwiratu kuti si nyanja yake. Athu ndi aafupi, amatsatizana msangamsanga. Ndinalembanso kuti anthu palibe, chifukwa doko limene mkonzi amalidziwa ndi la m'mawa usipa ukamatsika, la amayi ogula akukuwa mitengo, mabeseni akugundana, ana akuthamangitsana. Akanaika limenelo, mayi wathu sakanakhala yekha, ndipo gawo lonse laima pa kusungulumwa kwakeko. Masekondi 5 oyambawo ndi opatsa khutu mpata wozindikira malo munthu asanalankhule. Ndipo mawu oti "mpaka 12" akunena pothera. Langizo lopanda pothera ndi limene limachititsa kuti mafunde azimvekabe anthu atalowa kale m'nyumba.

Langizo lachiwiri lili ndi chiganizo chimene ena amati n'chosafunika: mayi akuganiza kuti ndi ya mwamuna wake. Omvera sadzachimva chiganizo chimenecho, n'zoona. Koma chimauza mkonzi kuti injiniyi si yokongoletsa. Ndi chiyembekezo cha mayiyo chimene chikukula pamene injini ikuyandikira, ndiye iyenera kukwera mpaka kuposa mafunde, ndipo kuzima kwake kumveke bwinobwino. Mkonzi amene sanauzidwe zimenezi amaiika pansipansi, ngati njinga yamoto yodutsa kuseri kwa nyumba. Pa wailesi phokoso lililonse lomveka bwino omvera amalitenga ngati nkhani. Mukaika nkhwazi ikulira pamenepa poti ndi kunyanja, wina aganiza kuti ndi malodza. N'chifukwa chake ndimakonda phokoso lochepa, lililonse lokhala ndi ntchito yake. Mapazi a munthu pamchenga sindiwalemba. Pa sipika yaing'ono amangomveka ngati wailesi yayamba kusokosera, pomwe mawu oti "patali, akuyandikira" akugwira kale ntchito yomweyo. Wosewera amayambira kutali ndi maikolofoni n'kumasendera, ndipo khutu limamuona akubwera.

Tsopano pamtima pa gawoli, pamene ndinalakwitsa poyamba.

```
9.  MAYI: Nanga achimwene anu mwawasiya kuti?
10. CHETE: MASEKONDI 4. MUSADULE. MAFUNDE OKHA, ASAKWERE. NYIMBO AYI. MLAMU AKUSOWA CHONENA.
11. MLAMU: Nyali yawo tinaiona komaliza cha m'ma 2 koloko.
12. MUSIC: KALIGO YEKHA, WOPANDA MAWU. FADE IN PA MAWU OTI "KOMALIZA". MTIMA WA MAYI WODIKIRA, OSATI MALIRO. MASEKONDI 10, FADE OUT PAMODZI NDI MAFUNDE.
```

Mwa malangizo onse, lokhala pangozi kwambiri ndi la nambala 10. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mkonzi ndi kuchotsa mipata. Akamakonza mawu a mfumu kapena a mlangizi wa zausodzi amadula pamene munthu wakayikira, pamene wameza malovu, pamene wapuma nthawi yaitali. Dzanja lake linazolowera. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati timapiri, ndipo chete amaoneka ngati kamzere kathyathyathya pakati pa timapiri tiwiri. Diso la mkonzi likaona kamzere kotalika limati apa wosewera anaiwala mawu. Ndiponso pa wailesi pali mantha akale a mphepo yopanda kanthu, oti omvera aganiza kuti siteshoni yathima n'kupotokola. Choncho ngati chete wanu simunamulembe ngati langizo lokhala ndi nambala yake, dziwani kuti apita. Timadontho titatu kumapeto kwa chiganizo sitikwanira. Timeneto ndi ta wosewera, mkonzi satiwerenga.

Kutalika kwake kulembedwe ndi nambala, chifukwa "kanthawi" ka mlembi ndi "kanthawi" ka mkonzi n'zosiyana. Sekondi imodzi ndi kupuma chabe, munthu akusintha ganizo. Ena amalemba `BEAT` pamenepo. Masekondi awiri omvera amayamba kuona kuti pali chimene chavuta. Masekondi 4 pa wailesi ndi nthawi yaitali ndithu. Yesani kutseka maso muwerenge. Pofika pachinayi mayi amene akumvera akusenda chinangwa waimitsa mpeni. Kupitirira 5 kapena 6 popanda china chomveka, nkhawa yake imachoka pa msodzi n'kupita pa mabatire. Njira yabwino yopezera nambala yoyenera ndi kuwerenga gawolo mokweza muli ndi wotchi ya pafoni, kuima pamene mtima ukuti imani, n'kuona kuti mwaima masekondi angati.

Chachiwiri, chete wa m'sewero si kusowa kwa phokoso. Malo alionse ali ndi mpweya wake. Chipinda chimene mukuti chili zii chili ndi kamphepo, kaphokoso ka malata akutentha, nkhuku kutali. Mu Audacity, pulogalamu imene ambiri timagwiritsa ntchito poti ndi yaulere, muli lamulo la `Generate > Silence` limene limaika chete weniweni, wopanda kalikonse. Mukamuika pakati pa mawu a anthu awiri, khutu limamva ngati waya waduka, kenako walumikizidwanso. Omvera amatuluka m'nkhani nthawi yomweyo. N'chifukwa chake langizo la chete liyenera kunena chotsala m'chetemo. Padoko patsala mafunde. M'nyumba mutsala mpweya wa chipindacho, ndipo kuti mkonzi akhale nawo, tsiku lojambula aliyense akhale duu kwa masekondi 30 kapena mphindi yathunthu rekoda ikuyenda, pamalo omwewo, maikolofoni osasuntha. Izinso ndimazilemba pamwamba pa tsamba loyamba la gawo, chifukwa zikaiwalika tsiku limenelo sizipezekanso.

Nanga mawu oti "asakwere" ndi "nyimbo ayi" abwera bwanji? Apa pali msampha wa makina. Pofuna kuti nyimbo kapena phokoso la malo litsike munthu akamalankhula, akonzi ambiri amagwiritsa ntchito `Auto Duck` ya mu Audacity momwemo. Imamvetsera mzere wa mawu, ndipo mawu akayamba imatsitsa mzere winawo, mwachizolowezi ndi `-12 dB`, kutanthauza madesibelo 12, muyeso wa kukwera kwa phokoso. Mawu akaleka kwa nthawi yoposa imene yaikidwa pa `Maximum pause`, yomwe imabwera ili pa sekondi imodzi, imaukwezanso. Ndiye taganizani: mayi wafunsa funso lake, mlamu wasowa chonena, ndipo m'masekondi 4 amenewo makina akuona kuti palibe wolankhula, akukweza mafunde kuti phwaa. Chete uja wadzaza. Mkonzi sanadule kanthu, koma chimene mumafuna chapita. Akaona "asakwere" amadziwa kuti pamenepa agwire ndi dzanja, atsitse yekha ndi `Envelope Tool`. Msampha wina ndi `Truncate Silence`, imene imafupikitsa mipata yonse m'fayilo nthawi imodzi. Ndi yothandiza pa zokambirana zaitali, koma pa sewero imameza chete wofunika pamodzi ndi wosafunika. Mawu oti "musadule" ndi ochenjeza za imeneyi.

Mawu omaliza a langizolo, oti mlamu akusowa chonena, amanena mwini wa cheteyo. Zimenezi zili ndi phindu lenileni pa ntchito ya mkonzi. Ngati chete ndi wa mlamu, kapumidwe kake asanayankhe, kaja kokoka mpweya, kayenera kutsala, chifukwa ndi kamene kakuuza omvera kuti munthuyu alipo ndipo akulimbana ndi mawu. Mkonzi wosadziwa amakachotsa poyeretsa. Chete akanakhala wa mayi, atamva kale yankho, bwenzi tikusunga mpweya wa mayiyo.

Pa nyimbo ya nambala 12, chinthu choyamba ndi polowera. Sindilemba kuti ilowe pa mphindi yakutiyakuti, chifukwa polemba sindidziwa kuti osewera adzalankhula mofulumira bwanji. Ndimaimangirira ku liwu. Liwu loti "komaliza" lili pakati pa chiganizo cha mlamu, ndiye nyimbo imayamba pansipansi iye akulankhulabe, n'kumveka bwino atamaliza. Ikalowa funso la mayi lisanayankhidwe, yaulula yankho. Ikadikira mpaka mlamu atatseka pakamwa n'kulowa mwamphamvu, imamveka ngati ikulamula anthu kuti lirani tsopano. Kusiyana kwake ndi masekondi awiri kapena atatu okha, koma mtima wa gawo umasinthiratu.

Ndinasankha kaligo chifukwa chingwe chake chimodzi chimalira ngati munthu mmodzi, ndipo sichikokera ku mzikiti kapena ku tchalitchi. M'boma ngati lathu, mmene Asilamu ndi Akhristu amamvera wailesi imodzi pakhonde limodzi, nyimbo imanena za chipembedzo cha banja la m'sewero ngakhale mlembi sanafune kutero. Gitala mmodzi woimbidwa mofatsa akanagwiranso ntchito. Chofunika n'choti ikhale yopanda mawu. Nyimbo ya mawu ikakhala pansi pa munthu wolankhula, khutu limagawikana, ndipo ikakhala yotchuka anthu amayamba kuiimba n'kuiwala mayi ali padoko. Yotchuka imabweranso ndi nkhani yake: ngati anthu anaivina paukwati, simungaichotse ukwatiwo. Ngati muli ndi nyimbo yeniyeni m'maganizo, lembani dzina la fayilo ndi chigawo chake, mwachitsanzo kuyambira 0:42 kufika 0:52, kuti mkonzi asangotenga poyambira. Lembaninso mwini nyimboyo pa pepala la kumapeto. Nyimbo ili ndi eni ake, ndipo kuno bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa nyimbo zoulutsidwa. Kujambula woimba wa m'mudzi mwanu mutagwirizana naye bwinobwino kumakupatsani nyimbo yoti palibe anaimvapo kwina.

Za kuchuluka kwa voliyumu sindilemba manambala m'sikilipiti. Akonzi amadziwa kuti nyimbo ya pansi pa mawu imakhala yotsika ndi madesibelo pafupifupi 15 mpaka 20, ndipo amaweruza ndi khutu malinga ndi nyimboyo. Pamenepo mlembi asalowerere. Ntchito yanga ndi kunena chimene chiyenera kupambana chinzake pa mzere uliwonse, injini kuposa mafunde pa 2, mawu a mlamu kuposa kaligo pa 11. Momwe achitire ndi zake. Sikilipiti yodzaza malangizo pa mzere uliwonse imatopetsa, ndipo mkonzi akatopa amayamba kudumpha, n'kudumphanso lofunika lija. Pa tsamba limodzi malangizo atatu kapena anayi olembedwa mokwanira amakwana.

Pali phokoso lina limene kuno limafuna ulemu wapadera. Kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha kumauza womvera aliyense wa ku Mangochi nthawi popanda wosewera kunena kuti kwacha, ndiye alembi timakukonda. Mukakuika, lembani kuti kumveke patali, nyimbo isakhale pamwamba pake, ndipo kuzimirire pang'onopang'ono m'malo modulidwa pakati pa liwu. Mkonzi amene sanakulire m'dera la Asilamu sangadziwe yekha kuti kudula koteroko kumapweteka anthu. M'gawo langa ndinakusiya, chifukwa ndinafuna kuti khutu lidikire injini yokha.

Mkonzi akamaliza, musamvere pa mahedifoni a mu situdiyo okha. Mahedifoni amaonetsa zonse, ngakhale kaphokoso kakang'ono kwambiri. Womvera wa wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay kapena wa Radio Maria ali pa kawailesi ka mabatire kapena pa foni ya mabatani, ya sipika imodzi, pambali pake pali ana ndi mbuzi. Sipika yotere siitulutsa mawu a pansi okhuthala, choncho ng'oma yaikulu imene munaika kuti iopseze imasowa, ndipo injini imatsala kokha kulira kwake kwa pamwamba. Phokoso la kumanzere ndi la kumanja nalonso limathera pamodzi, n'chifukwa chake m'malangizo ndimalemba "pafupi" ndi "patali" basi. Tumizani gawolo pa foni, muliike patebulo, mukhale chapatali, sikilipiti ili m'manja. Pa nambala 10 werengani masekondi. Ngati mafunde sakumveka ndipo mukuona ngati foni yazima, akwezedwe pang'ono. Ngati simunazindikire n'komwe kuti panali chete, ndiye kuti akwera kwambiri kapena mpata wafupika. Bwino kwake kuitana munthu amene sanawerenge nkhaniyo, amvere, mumufunse funso limodzi: msodzi uja ali moyo kapena wamwalira? Akayankha kuti sakudziwa, malangizo agwira.

Chotsala ndi nthawi. Pulogalamu ya mphindi 15 ikatalika ndi masekondi 40, mkonzi ayenera kudula penapake, ndipo koyamba kuyang'ana ndi ku nyimbo ndi ku chete, poti kumeneko sadula mawu a munthu. Ndiye muthandizeni kusankha musanamupatse mapepala. Ine ndimaika nyenyezi pa malangizo osakhudzidwa, ndipo m'gawo lonse sapitirira awiri kapena atatu. Kumapeto kwa sikilipiti ndimalemba mizere imene angachotse nthawi ikavuta. M'gawo la padoko ndinalemba kuti achotse 6 ndi 7, pamene mlamu akufotokoza mmene mphepo inayambira, ndi kufupikitsa nyimbo yotsegulira. Nyenyezi ndinaika pa 2 ndi pa 10.